Sensa iyambitse, mita iimitse: zolemba mu pulopozo ya mthirira woyendera chinyontho cha m'nthaka

Funso: Ndamaliza maphunziro a uinjiniya chaka chatha. Pali bambo ena amene ali ndi famu ya tomato yothirira ndi mapaipi odontheza madzi, ndipo antchito awo amatsegula mavavu pamanja maola 4 tsiku lililonse. Ndawauza kuti ndingathe kuikapo masensa oyeza chinyontho kuti madzi azitseguka ndi kutseka okha, ndiye akuti ndilembe pulopozo. Patebulo panga zonse zikuyenda: ndikaviika sensa m'madzi vavu ikutseka, ndikaivuula ikutseguka. Ndilembemo zotani kuti avomere, nanga ndiwalonjeze kuti madzi apulumuka ochuluka bwanji?

Yankho: Achimwene, musawalonjeze nambala iliyonse musanaike mita ya madzi pa paipi yawo. Lonjezo limene mungalisunge ndi la kuyesa pa chigawo chimodzi cha munda, kwa nyengo imodzi ya mbewu, m'njira yoti zipangizo zanu zikalephera tomato wawo asafe. Bambowo sakugula waya kapena kabokosi kolamulira vavu. Akukupatsani mbewu imene ndalama zawo zili kale m'nthaka, ndipo pamene akuwerenga pepala lanu mumtima mwawo muli funso limodzi: chinthuchi chikazima usiku ine ndili mtulo, m'mawa ndikapeza chiyani kumunda? Pulopozo yabwino imayankha funso limenelo ndi manambala a munda wawo womwewo. Tiyeni tiwapeze manambalawo.

Titenge chigawo cha theka la hekitala, ndiye kuti masikweya mita 5,000. Mizere yatalikirana mita 1.5, timabowo todonthetsa madzi tili pa masentimita 30 aliwonse, ndipo kabowo kalikonse kamatulutsa lita 1 pa ola. Ndasankha manambala amenewa monga chitsanzo, inu mukayeze anu. Kabowo kamodzi kakusamalira malo a masikweya mita 0.45, choncho chigawo chonse chili ndi timabowo pafupifupi 11,100 ndipo chimamwa malita 11,100 pa ola. Kunena kwina, ola lililonse munda ukulandira madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 2.2. Maola 4 aja ndi malita pafupifupi 44,000 patsiku.

Nanga tomato akufuna ochuluka bwanji? Tinene kuti pa tsiku lotentha dzuwa ndi mphepo zimachotsa mamilimita 5 pa kapinga wothiriridwa bwino, amene ndiye muyeso umene timayerekezera mbewu zonse. Matebulo a bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO a mu 1998 amati tomato wokhwima, amene wafunga mzere ndipo akubereka, tizichulukitsa ndi 1.15, pamene wongowokedwa kumene ndi 0.6. Wokhwimayo ndiye akufuna mamilimita 5.75. Popeza ngakhale mthirira wodontheza wosamalidwa bwino umafikitsa ku mizu pafupifupi 90 peresenti ya madzi ake, tiyenera kuthira mamilimita 6.4. Amenewa ndi malita 32,000, kapena maola atatu osakwanira pang'ono. Tomato wamng'ono pa nyengo yomweyo akufuna ola limodzi ndi theka lokha.

Mwaona kuti papepala pali malita 12,000 patsiku amene akupita pachabe, ndipo ambiri kuposa apo mbewu ikadali yaing'ono. Apa pali mayesero awiri. Oyamba ndi kuthamangira kulemba kuti mupulumutsa madzi oposa kota. Musatero, chifukwa mwina puresha yawo ndi yochepa ndipo timabowo tikutulutsa theka la zimene zinalembedwa pa mpukutu wa paipi. Zikatero maola 4 aja sakukwanira n'komwe, ndipo masensa anu akayamba kulamulira, madzi ogwiritsa ntchito adzakwera. Mayesero achiwiri ndi kubisa choonadi chakuti gawo lalikulu la madzi amenewa lingapulumuke ndi wotchi wamba, kungouza antchito kuti mwezi uno muzitsegula ola ndi theka, mwezi wamawa maola atatu. Ine ndikuti chilembeni chimenechi mu pulopozo. Mwini famu amene walima zaka zambiri achiona yekha, ndipo akaona kuti mwachinena inuyo poyamba adzakhulupirira zina zonse. Chimene sensa imawonjezera pa wotchi ndi ichi: imadziwa tsiku la mitambo, imadziwa kuti kwagwa mvula, imaona madzi akamadutsa mizu n'kupita pansi ndi feteleza, ndipo imasunga chinyontho kuti chisamakwere ndi kutsika kwambiri. Pa tomato chomalizachi ndi ndalama, chifukwa nthaka ikamauma kenako n'kunyowa mwadzidzidzi zipatso zimang'aluka, zina zimaola kunsi zikadali pamtengo.

Musanaike sensa ndi imodzi yomwe, yesani ngati mapaipiwo akugawa madzi mofanana. Ndimaumirira pamenepa chifukwa sensa imamva malo ochepa kwambiri, osaposa kukula kwa nkhonya ziwiri kapena zitatu, koma inu mukufuna kuti ilankhulire theka la hekitala. Ngati kumayambiriro kwa mzere kukudontha bwino pamene kumapeto kukungolira misozi, palibe malo amene mungaike sensa n'kunena zoona za munda wonse. Tengani timakapu 16. Sankhani mizere inayi kuyambira pafupi ndi vavu mpaka kutali, ndipo pa mzere uliwonse ikani kakapu koyambirira, kawiri pakati, kena kumapeto. Tcherani madzi mphindi 6. Kabowo ka lita 1 pa ola kayenera kukupatsani mamililita 100. Pezani avereji ya timakapu tinayi tochepetsetsa, muigawe ndi avereji ya tonse. Tinene kuti tinayi tija tapereka 70 pamene tonse tapereka 96: mwapeza 73 peresenti, ndipo munda umenewo sunakonzeke kulamulidwa ndi makina. Pamwamba pa 90 ndi pabwino, pansi pa 80 yambani mwakonza. Kawirikawiri vuto limakhala sefa yothina kapena yong'ambika, mapaipi amene sanatsegulidwepo kumapeto kuti matope atuluke, kapena mizere yaitali kuposa mphamvu ya pampu. Ikani geji yoyeza puresha kutsogolo ndi kumbuyo kwa sefa. Zikasiyana ndi theka la baa, sefayo ikufunika kutsukidwa. Ntchito imeneyi ikhale gawo loyamba la pulopozo, yokhala ndi mtengo wakewake, chifukwa ngakhale bambowo atakana zina zonse, apa pokha apindula.

Tsopano tibwere pa zimene mwaona patebulo panu, chifukwa m'pamene pali msampha waukulu. M'kapu ya madzi sensa imayankha nthawi yomweyo. M'nthaka sizitero. Madzi amadontha pa kabowo, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kupita pansi ndi m'mbali, ndipo angatenge theka la ola, ola, kapena kuposa apo kuti afike pamene pali sensa. Tsiku lina mukapite kumundako ndi khasu, mutsegule madzi maola awiri, kenako mukumbe dzenje pambali pa paipi, khoma lake lidule pakati penipeni pa kabowo. Mudzaona chithunzi cha madzi pa khomalo, dothi lakuda lonyowa pakati pa dothi lotuwa. Pa dothi lamchenga chimakhala chowonda ndi chachitali, cholowa pansi ngati mzati. Pa dothi lamakande chimakhala chofufuma m'mbali ngati mphika wokwiriridwa. Gwirani m'mphepete mwake ndi chala: pa masentimita awiri okha dothi likusintha kuchoka ponyowa kufika pouma. Mubwerenso pakatha ola madzi atatsekedwa kale, mudzapeza kuti malire aja asuntha, madzi akuyendabe.

Dzenje limenelo likuphunzitsani zinthu ziwiri. Choyamba ndi malo a sensa. Mukaiika pansi penipeni pa kabowo, inyowa m'mphindi zochepa, iuza vavu kuti itseke, mizu yambiri isanalawe kanthu. Mukaiika kunja kwa chithunzi chija, sidzamva madzi mpaka kalekale, ndipo vavu ikhala yotsegula mpaka munda usanduke dambo. Malo ake ndi mkati mwa gawo lonyowa koma osati pakati pake: masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa kabowo, pafupi ndi mbewu yathanzi, kuya kwa masentimita 15 mpaka 20 kumene kuli mizu yambiri yomwa madzi. Pansi pake, pa masentimita 45 kapena 50, ikani ina. Yapansiyi silamulira vavu, ndi mlonda chabe. Ikamakwera nthawi iliyonse mukathirira, dziwani kuti madzi akudutsa mizu ndipo feteleza akupita nawo limodzi.

Chachiwiri ndi lamulo loyendetsera vavu. Musalole sensa kuti ikhale yotseka madzi. Mukadikira kuti iwerenge nambala imene mukufuna kenako n'kutseka, madzi amene ali kale m'njira adzafika pambuyo pake ndipo mudzakhala mutapyola. Sensa ingonena kuti nthawi yakwana. Kuchuluka kwa madzi kuyezedwe ndi mita. Madziwo aperekedwe m'zigawo, pakati pake pakhale nthawi yodikira kuti alowerere, kenako sensa ifunsidwenso.

Tipitirize ndi chitsanzo chathu. Tinene kuti dothi lake ndi losakanikira mchenga, limene likakhuta madzi n'kukhetsa otsala limasunga chinyontho cha 22 peresenti, ndipo mbewu imafota osadzukanso pa 10 peresenti. Pakati pa 22 ndi 10 ndipo pali madzi amene mbewu ingamwe. Matebulo aja amati tomato amayamba kuvutika akamwa magawo 40 pa 100 a madzi amenewa, kutanthauza pafupi ndi 17 peresenti. Ine sindidikira mpaka pamenepo pa mthirira wodontheza, chifukwa nkhokwe yake ndi yaing'ono: sitinyowetsa munda wonse koma kamzere kokha, mwina magawo 40 pa 100 a malo. Ndingayambitse pa 19. Kukweza chinyontho kuchoka pa 19 kufika pa 22, m'dothi lakuya masentimita 40, pa gawo lonyowalo, kumafuna malita 24,000, ndipo tikawerengera otayika ndi pafupifupi 27,000. Onani mmene nambalayi yayandikira madzi a tsiku limodzi lotentha. Ndiye kuti munda umenewu ulibe chosungira cha masiku atatu. Makina akagona masiku awiri m'nyengo yotentha, tomato amva.

Choncho lamulo lingakhale lotere: chigawo chimodzi cha madzi chikhale malita 7,400, amene ndi mphindi 40, kenako kudikira ola limodzi, ndipo patsiku asapyole malita 44,000.

```
if chinyontho < 19 and lero + 7400 <= 44000:
    thirira = True
else:
    thirira = False
while thirira:
    tsegula(malita=7400, mphindi_zomaliza=50)
    lero = lero + 7400
    dikira(mphindi=60)
    chinyontho = werenga_sensa()
    if chinyontho >= 22 or lero + 7400 > 44000:
        thirira = False
```

Malire a 44,000 ndawasankha dala, chifukwa ndi madzi amene akuthira panopa. Mungathe kuwalembera chiganizo chimene mlimi aliyense angachimve: makinawa, ngakhale sensa itasokonezeka chotani, sangathire madzi oposa amene antchito anu akuthira lero. Mphindi 50 zija ndi chitetezo chachiwiri, choti mita ikasiya kuwerenga vavu itsekebe. Musafupikitse zigawozi kwambiri poganiza kuti ndiye ukatswiri. Nthawi iliyonse mukatsegula, mapaipi amatenga mphindi zingapo kudzaza, ndipo mukatseka madzi otsala amatsikira kumunsi kwa munda. Zigawo za mphindi 10 zimanenepetsa mbewu zakumunsi n'kumana zakumtunda.

Nambala za 22 ndi 19 musazitenge m'buku kapena kwa ine. Sensa iliyonse imawerenga mosiyana pa dothi losiyana. Mukaiika, thirirani malowo mpaka akhute, phimbani ndi pulasitiki kuti dzuwa lisamwe, muzilemba zimene ikuwerenga kwa tsiku limodzi kapena awiri. Nambala idzakwera, n'kutsika mofulumira pamene madzi otsala akukhetsedwa, kenako idzayamba kuyenda chogona. Pamene yagonapo ndiye "22" wa sensa imeneyo pa dothi limenelo, kaya pa sikirini palembedwa 26 kapena 18. Mukafuna kutsimikiza, tengani dothi la muyeso wodziwika pafupi nayo, muliyeze kulemera, muliumitse mu uvuni pa madigiri 105 kwa maola 24, muliyezenso. Kusiyana kwake ndiye madzi enieni.

Za mtundu wa sensa ndinena mwachidule. Ija ya timano tiwiri tachitsulo, yodutsitsa magetsi m'dothi, imadyeka ndi dzimbiri m'masabata ochepa, ndipo imamva mchere wa feteleza kuposa madzi. Timatabwa totchipa topangira maluwa a m'miphika timalowa madzi m'mphepete. Gulani yomatidwa bwino, yopangidwira kukwiriridwa. Ngakhale yabwinoyo imanama pa zifukwa ziwiri zimene muyenera kuzidziwa. Ikakhala ndi mpata wa mpweya pambali pake imati nthaka yauma pamene ili yonyowa, choncho ibayeni pa khoma la dzenje, m'dothi losatekeseka, osati m'dothi lobwezera. Ndipo tsiku limene athira feteleza kudzera m'mapaipi, masensa ambiri otsika mtengo amakweza nambala ngati madzi achuluka, chonsecho wachuluka ndi mchere. N'chifukwa chake ndimakonda kuika tenshomita imodzi pambali, kachubu kamadzi kokhala ndi nsonga ya dongo lowotcha ndi geji pamwamba. Siifuna batire, mchere suisokoneza, ndipo aliyense angaiwerenge ndi maso. Imayeza mphamvu imene muzu ukukokera madzi. Pa tomato wa dothi ngati lathuli, singano ikafika pa masentiba 20 mpaka 25 ndi nthawi yothirira, pa mchenga weniweni isanafike n'komwe pamenepo. Malire ake ndi akuti nthaka ikauma kupyola masentiba 80 imayamwa mpweya n'kusiya kugwira mpaka muidzazenso madzi.

Sensa imodzi pa chigawo sikwanira. Ikani malo atatu, osati m'mphepete mwa munda kapena pamalo otsetsereka pomwe madzi amasonkhana, ndipo kabokosi kazitenga nambala yapakati pa zitatuzo, osati avereji. Imodzi ikapenga, avereji imapenga nayo, koma yapakati imakhalabe pamalo ake.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndidakali wamng'ono pa ntchitoyi, pa famu ina imene sinditchula. Ndinaika sensa imodzi, waya wake ndinangouyala pansi pa mzere. Wopalira anaudula ndi khasu madzulo, osadziwa. Kabokosi kanawerenga ziro, ndipo kwa iko ziro anatanthauza kuti nthaka yauma gwa. Vavu inatseguka, panalibe malire a nthawi, madzi anadontha usiku wonse. M'mawa ndinapeza kapitawo ataima m'mizere, nsapato zake zitamira m'matope, thanki itauma, pampu ikulira yopanda madzi. Sanandikalipire. Anangotola mbali ziwiri za waya uja n'kundipatsa m'manja. Patapita masiku masamba akumunsi anayamba chikasu chifukwa feteleza anali atakokoloka ndipo mizu inasowa mpweya. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa mbewuyo inali ya munthu amene anandikhulupirira. Kuyambira pamenepo waya ndimaulowetsa m'paipi n'kuukwirira, ndipo pulogalamu iliyonse ndimayamba ndi kulemba zochita zinthu zikalakwika, zothirira zimabwera pambuyo.

Tsamba limeneli, la zimene zichitike chinthu chikafa, ndilo mtima wa pulopozo yanu, ndipo mulilembe m'mawu oti kapitawo awamve. Sensa ikapereka nambala yosatheka, kapena yosasintha tsiku lathunthu ngakhale mwathirira, kabokosi kaisiye. Zikafa ziwiri, kabwerere ku wotchi, kazithira maola okhazikika a mwezi umenewo, n'kutumiza uthenga pafoni. Mita nayo ndi mboni yamphamvu kuposa sensa. Chigawo chathu chiyenera kumwa malita 185 pa mphindi. Chikamamwa opyola ndi gawo limodzi mwa asanu, paipi yaphulika kapena yazuka, ndipo vavu itseke. Chikamamwa ochepera chimodzimodzi, sefa yathina kapena timabowo tatsekeka. Mita ikamazungulira vavu italamulidwa kutseka, kamchenga kalowa pa mphira wa m'vavu ndipo munthu apite akaone. Dziwaninso khalidwe la vavu imene mwasankha. Ya magetsi a mavoti 24 imatseka yokha magetsi akazima. Ya batire, imene imangofuna kugwedezedwa kamodzi kuti itseguke ndi kamodzi kuti itseke, imasunga batire koma imakhala mmene yasiyidwira: batire ikafa ili yotsegula, ikhala yotsegula. Pamenepo kabokosi kayenera kuitseka batire isanathe. Pampu isayake mavavu onse ali otseka, ndipo m'thanki mukhale choyandama choizimitsa madzi akatsika. Pomaliza, musachotse vavu yakale ya pamanja. Isiyeni pa paipi yolambalala, kuti tsiku loipa munthu azungulize chogwirira n'kuthirira monga kale popanda kukuimbirani foni.

Kapitawo ameneyu musamuiwale. Bambowo akamaliza kuwerenga pepala lanu adzamufunsa iyeyo, ndipo ngati akuona kuti kabokosi kabwera kudzamulanda ntchito, mawu ake adzakugwetsani. Mupiteni naye pokumba dzenje lija. Amadziwa ngodya imene imauma msanga ndi mzere umene umatseka kawirikawiri, zimene inu mungatenge miyezi kuti muzione. Mu pulopozo lembani ntchito zake zatsopano: kuwerenga tenshomita ndi mita m'mawa uliwonse, kutsuka sefa, kutsegula mapaipi kumapeto, kuyenda m'mizere. Makina amatsegula vavu, koma saona mbewa yaboola paipi pa mzere wachisanu.

Ntchitoyo muigawe m'masitepe oti bambowo angathe kuimitsa pa iliyonse osataya zambiri. Masabata awiri oyamba, mutatha kukonza mapaipi, muike mita ndi masensa koma musakhudze vavu. Antchito azithirira monga mwa nthawi zonse, inu muzingolemba. Pamapeto pake mudzakhala ndi chithunzi cha mzere wokwera ndi kutsika, chosonyeza ngati sensa yapansi ikulandira madzi tsiku ndi tsiku, ndipo lonjezo lanu lidzachokera pamenepo. Masabata awiri otsatira kabokosi kazinena zimene kakanachita, kapitawo azitsegula pamanja ngati wagwirizana nako. Kenako kalamulire chigawo chimodzi mpaka kukolola, pamene chigawo choyandikana nacho, cha mbewu yomweyo yowokedwa tsiku lomwelo, chikuthiriridwa mwakale ndipo chili ndi mita yake. Muziyerekeza malita, kulemera kwa zokolola zogulitsika, ndi kuchuluka kwa zipatso zotayidwa. Mugwirizane lero chimene mudzachitche kulephera, ndi zimene mudzachite zikatero.

Pa ndalama, samalani kuti musatsamire pa magetsi. Chigawo chonga chathu chingayendetsedwe ndi pampu ya makilowati pafupifupi 2.2. Kuchepetsa ola limodzi ndi mphindi zochepa patsiku ndi mayunitsi awiri ndi theka, amene pa masiku 120 ndi pafupifupi 300. Muwachulukitse ndi mtengo umene uli pa bilu yawo, muona kuti mwina sangabweze ndalama za zipangizo msanga. Ngati pampu ndi ya dizilo chithunzi chimasintha, werengerani ndi malisiti awo. Phindu lalikulu limakhala kwina. Ngati chitsime kapena damu lawo ndi limene likuwaletsa kukulitsa munda, malita 12,000 patsiku angathirire masikweya mita ena pafupifupi 1,900 a tomato. Ngati madzi ali nawo ambiri, phindu lili pa feteleza wosakokoloka ndi zipatso zosang'aluka, ndipo zimenezo zidzaoneka pa sikelo nthawi yokolola. Afunseni chimene chikuwapweteka kwambiri, mulembe molunjika pamenepo. Mtengo muugawe patatu: zogula kamodzi, zolipira chaka ndi chaka monga mabatire ndi mauthenga a pafoni, ndi zosungira pambali, zimene ndi sensa imodzi, koilo ya vavu ndi fyuzi. Lembaninso kuti mukaitanidwa mufika pasanathe maola angati, ndi amene adzakonze inu mukadzapeza ntchito kutali, chifukwa kwa munthu wachinyamata funso limenelo adzakufunsani ndithu. Mawaya aatali m'munda amakoka mphamvu ya mphezi, choncho chotetezera mphezi ndi ndodo yokhomera pansi zikhale pa mndandanda wa zogula.

Tsamba loyamba likhale loti aliwerenge ataimirira, lopanda dzina la kachipangizo kalikonse. Zojambula za mawaya ndi pulogalamu zipite kumapeto. Ndikanakhala inu ndikanayamba motere:

"Bambo, ndikupempha kuti mundilole kuyesa pa chigawo chimodzi cha theka la hekitala kwa nyengo imodzi ya tomato. Mwa kuwerengera kwanga chigawochi chikulandira malita pafupifupi 44,000 patsiku pamene mbewu yokhwima ikufuna pafupifupi 32,000, koma izi ndi za papepala, ndipo masabata awiri oyamba ndidzangoyeza osasintha kathiriridwe kanu kuti tione zenizeni. Mukadzaona zotsatira mudzasankha ngati tipitirize. Vavu yanu ya pamanja ikhalapobe, ndipo makina sadzathira madzi oposa amene mukuthira lero. Ngati pokolola chigawochi chidzatsalira kumbuyo kwa chinzake, ndidzachotsa zipangizo zanga n'kusiya mapaipi anu ali okonzedwa ndi mita ili pamalo pake."

Musanapereke pepalalo, pemphani tsiku limodzi kumundako ndi timakapu 16, geji, tepi yoyezera ndi khasu, kuti manambala anga onse achoke m'ndimeyi, mulowe a munda wawo.